Nsalu ya paguwa ikasintha mtundu: zomwe makanema a mphindi zitatu amaphunzitsa mlendo m'tchalitchi

Woyendetsa galimoto aliyense m'Malawi muno akaona nthambi zamasamba zitagonekedwa mopingasa mumsewu sachita kufunsa. Amachepetsa liwiro ndi kutsitsa wailesi, ndipo wapanjinga amatsika n'kuyamba kukankha, pakuti masambawo anena kale kuti pamudzipo pagwa zovuta. Koma mlendo wochokera kutali amangoona zinyalala mumsewu, n'kudutsa ndi liwiro lake, osadziwa kuti walakwira mudzi wonse. Chizindikiro chimayankhula kwa yekhayo amene anauzidwapo tanthauzo lake.

Zimenezi n'zimenenso zimachitika m'tchalitchi. Munthu amene wapita kukapemphera kwa eni ake chifukwa cha ukwati, maliro kapena ubatizo wa mwana wa mnansi amapeza nsalu yobiriwira paguwa, nyali yofiira ikuyaka masana, kandulo yaitali yolembedwa manambala, ndi zilembo zitatu zosamveka pa chovala cha wotsogolera mapemphero. Onse omuzungulira akuoneka ngati akudziwa, ndiye iye amachita manyazi kufunsa. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa omuzungulirawo nawonso sadziwa, anangozolowera kuona.

Vuto limeneli ndi lomwe linachititsa mpingo wa United Methodist ku America kukonza mndandanda wa makanema afupiafupi wotchedwa Chuck Knows Church, kutanthauza kuti Chuck amadziwa za tchalitchi. Makanemawa anayamba kutuluka zaka zoposa khumi zapitazo, ndipo anakonzedwa ndi nthambi ya mpingowu yoona za kuphunzitsa akhristu, yomwe lero imatchedwa Discipleship Ministries ndipo likulu lake lili mumzinda wa Nashville. Chuck si m'busa koma dzina la m'sewero, ndipo amene amasewera mbaliyi ndi katswiri wa zisudzo Josh Childs. Makanemawa ali m'Chingerezi ndipo amapezeka pa YouTube.

Kanema mmodzi, funso limodzi

Kapangidwe ka makanemawa n'kosavuta. Kanema aliyense amatenga chinthu chimodzi chokha, monga mitundu ya nsalu za paguwa, nkhata ya makandulo ya Adiventi, zokongoletsa za mtengo wa Khirisimasi, ntchito ya ana oyatsa makandulo kapena chizindikiro cha mpingowu cha mtanda ndi lawi la moto. Chuck amatchula dzina la chinthucho, n'kunena kumene chinachokera ndi chimene chikuimira, uku akuponyamo nthabwala, ndipo pomatha mphindi ziwiri kapena zitatu nkhani yatha. Potsiriza amatumiza woonerayo kwa m'busa wake kuti akafunse zambiri.

Kutumiza kumeneku ndiko kuli mtima wa nkhani yonse. Kanema wa mphindi zitatu amangopatsa munthu dzina la chinthu ndi kulimba mtima koti akafunse, koma sangathe kumuuza zonse. Komanso amayankhula m'malo mwa mpingo umodzi wa m'dziko limodzi. Mpingo wa United Methodist ulipo kuno ku Malawi, ku Zimbabwe, ku Mozambique ndi ku Zambia, koma amene angaonere makanemawa pa foni ku Ndirande kapena ku Kawale angakhale Mkatolika, wa Angilikani, wa CCAP kapena wosapemphera konse. Kuti woonera wotere apindule, ayenera kudziwa zimene zili zofanana m'mipingo yambiri ndi zimene zili za mpingo wa Chuck wokha. Njira yabwino yoonera zimenezi n'kutsata phunziro lalikulu la makanema amtunduwu, la mitundu ya nsalu, kuyambira kumayambiriro a chaka mpaka kumapeto.

Mtundu wa nsalu ndi kalendala

Choyamba chimene mlendo ayenera kumva n'chakuti nsalu ya paguwa siisankhidwa malinga ndi kukonda kwa amayi okongoletsa tchalitchi. Mtundu wake umanena nyengo imene mpingo ulimo, ndipo umaoneka m'malo angapo nthawi imodzi: pa nsalu yolendewera kutsogolo kwa guwa, pa gome lolalikirira, ndi pa kansalu kakatali kamene m'busa kapena wansembe amakoleka m'khosi, kotchedwa sitola. Ku Katolika ndi ku Angilikani mtunduwo umaonekanso pa chovala chachikulu chakunja chimene wansembe amavala pa Misa, chotchedwa kasula.

Mitundu yaikulu ndi inayi. Woyera ndi wa chikondwerero, ndipo nthawi zina umalowedwa m'malo kapena kukometsedwa ndi wa golide. Wa pepo, umene Baibulo lakale la Chinyanja limautcha chibakuwa, ndi wa kudikira, kukonzekera ndi kulapa. Wofiira ndi wa moto ndi magazi, ndiye kuti Mzimu Woyera ndi imfa ya ofera chikhulupiriro. Wobiriwira ndi wa masabata onse otsala, pamene mpingo suli pa chikondwerero chachikulu kapena pa kukonzekera, koma ukungokula monga mmera m'munda.

Mitunduyi imabwera motsatana kawiri pa chaka, ndipo munthu akagwira ndondomeko imeneyi wagwira zonse. Kumayamba pepo wa kukonzekera, kenako woyera wa chikondwerero, kenako wobiriwira. Ulendo woyamba umazungulira Khirisimasi, wachiwiri umazungulira Pasaka. Wofiira amangotulukira pa masiku owerengeka.

Kuyenda ndi chaka chimodzi

Titenge chaka cha mpingo chimene chinayamba kumapeto kwa 2025. Chaka cha mpingo sichiyamba pa 1 Januwale koma pa Lamulungu loyamba la Adiventi, lomwe limapezeka powerenga Malamulungu anayi chobwerera kuchokera pa Khirisimasi. M'chaka chimenechi tsikulo ndi 30 Novembala 2025, ndipo nsalu ndi ya pepo. Imakhala choncho mpaka madzulo a pa 24 Disembala, pamene woyera amalowa. Woyerayo amakhalapo nyengo yonse ya Khirisimasi mpaka Lamulungu lokumbukira ubatizo wa Yesu, pa 11 Januwale 2026. Kuchokera apo guwa limabiriwira kwa masabata angapo.

Ulendo wachiwiri umayamba pa Lachitatu la Phulusa, 18 Febuluwale 2026, pamene pepo amabwerera chifukwa cha Lenti. Apa pali masamu amene amasokoneza ambiri. Timamva kuti Lenti ndi masiku 40, koma munthu akawerenga pa kalendala kuchokera pa 18 Febuluwale mpaka Loweruka la pa 4 Epulo, tsiku loti mawa lake ndi Pasaka, amapeza masiku 46. Kusiyanaku kumabwera chifukwa Malamulungu sawerengedwa ngati masiku osala kudya, popeza Lamulungu lililonse ndi chikumbutso cha kuuka kwa Yesu. Pakati pa masiku awiriwa pali Malamulungu 6, ndipo tikawachotsa pa 46 timatsala ndi 40.

Pasaka ya 2026 ndi pa 5 Epulo, ndipo nsalu ndi yoyera. Koma Pasaka si tsiku limodzi, ndi nyengo ya masiku 50. Tikawerenga 5 Epulo ngati tsiku loyamba, tsiku la 50 ndi 24 Meyi, lomwe ndi Pentekoste, ndipo tsiku limenelo lokha guwa limafiira pokumbukira malawi a moto amene buku la Machitidwe a Atumwi limati anatsikira ophunzira a Yesu. Lamulungu lotsatira, 31 Meyi, ndi la Utatu Woyera ndipo nsalu ndi yoyera. Zikatero wobiriwira amakhazikika pafupifupi theka la chaka, kuyambira Juni mpaka Novembala. Amangodukizidwa ndi zikondwerero zochepa, monga Oyera Onse pa 1 Novembala, lomwe m'chaka cha 2026 likugwa Lamulungu. Chaka chimatsekedwa ndi woyera wa Khristu Mfumu pa 22 Novembala, ndipo pa 29 Novembala pepo wa Adiventi amayambanso.

Masiku amenewa sangakoperedwe chaka china. Khirisimasi siisuntha, koma Pasaka imasuntha chifukwa imatsata mwezi wa kumwamba: imagwa pa Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. N'chifukwa chake ingagwe tsiku lililonse pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. M'chaka cha 2025 inali pa 20 Epulo, ndipo mu 2027 idzakhala pa 28 Malichi. Pasaka ikasuntha imakoka Lachitatu la Phulusa ndi Pentekoste, motero masabata obiriwira a mu Januwale ndi Febuluwale amachuluka kapena kuchepa. Amene amayang'anira nsalu m'tchalitchi akangodalira zimene anachita chaka chatha, Lamulungu lina adzapachika wobiriwira mpingo uli kale mu Lenti.

Pamene mipingo imasiyana

Mpaka apa Mmethodisiti, Mkatolika ndi wa Angilikani angagwirizane pa zambiri. Koma pali masiku amene kanema wochokera ku mpingo umodzi angasocheretse munthu wa mpingo wina.

Loyamba ndi Adiventi. A United Methodist amaloledwa kugwiritsa ntchito pepo kapena buluu, ndipo matchalitchi ambiri a Lutherani ndi ena a Angilikani amasankha buluu pofuna kusiyanitsa chiyembekezo cha Adiventi ndi kulapa kwa Lenti. Malamulo a Misa ya Chikatolika sapereka buluu pa nyengoyi, amapereka pepo. Koma amalola mtundu wa pinki pa masiku awiri okha pa chaka: Lamulungu lachitatu la Adiventi ndi Lamulungu lachinayi la Lenti, omwe m'chaka chathu chija ndi 14 Disembala 2025 ndi 15 Malichi 2026. Pinkiyo ali ngati pepo wosungunulidwa, kusonyeza kuti kudikira kwadutsa theka ndipo chimwemwe chayandikira. Sikuti n'kokakamiza, ndipo parishi imene ilibe kasula wa pinki imapitiriza ndi pepo popanda kulakwa.

Lachiwiri ndi Sabata Yoyera. Ku Katolika wansembe amavala zofiira pa Lamulungu la Kanjedza ndi pa Lachisanu Loyera, pokumbukira magazi a Yesu. Kwa a Methodisiti ambiri, mwambo wa Lachinayi madzulo ukatha amachotsa nsalu zonse, makandulo ndi zokongoletsa, ndipo Lachisanu tchalitchi chimakhala chopanda mtundu uliwonse, kapena pamangoikidwa chakuda. Akatolika nawonso amavula guwa usiku womwewo, koma chovala cha wansembe chimakhalabe chofiira. Choncho munthu amene anaphunzira kuti wofiira ndi wa Pentekoste basi adzadabwa akadzaona wansembe atafiira Lachisanu Loyera, kapena pa tsiku wamba la m'kati mwa sabata pamene mpingo ukukumbukira amaritiri, monga a ku Uganda pa 3 Juni.

Kusiyana kwachitatu n'kwakuti mipingo ina siitsata konse mitundu imeneyi. M'matchalitchi ambiri a CCAP ndi a chipentekoste nsalu za kutsogolo sizisintha motsata nyengo. Mkanjo wakuda umene abusa a chipresibiteriyani amavala si wa maliro kapena wa Lenti. Unachokera ku chovala cha anthu ophunzira cha ku Ulaya, ndipo umanena kuti wovalayo ndi mphunzitsi wa Mawu. Mlendo amene angawerenge wakuda ameneyu ndi kalendala ya Chuck adzamva zimene palibe ananena.

Pali vuto linanso limene aliyense wofotokoza zimenezi m'Chichewa amakumana nalo. Mawu akuti kubiriwira amakhudza msipu, komanso anthu amati nyanja yobiriwira kapena thambo lobiriwira. Munthu akangoti nsalu ya Adiventi ndi yobiriwira, akutanthauza buluu, womvera adzaganiza za mtundu wa masamba. Momwemonso pepo ena amamutcha wofiirira, zomwe zimamuyandikiza kwa wofiira wa Pentekoste. Apa ndi pamene kanema amaposa pepala, chifukwa diso limaona nsaluyo. Wophunzitsa wanzeru amatulutsa nsalu zenizenizo m'kabati n'kuziyala pamodzi.

Kodi mitunduyi inalamulidwa m'Baibulo?

Limeneli ndi funso limene mlendo wochenjera amafunsa, ndipo yankho loona ndi lakuti ayi. Palibe ndime imene imalamula pepo pa Lenti kapena wobiriwira mu Ogasiti. Kwa zaka mazana angapo zoyambirira atsogoleri a mpingo ankavala zovala za tsiku ndi tsiku za Aroma, ndipo mkanjo woyera wotchedwa aluba pamodzi ndi kasula zinachokera ku zovala zimenezo. Anthu wamba atasintha kavalidwe, mpingo unasunga kakale.

Ndondomeko ya mitundu inabwera mochedwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, munthu amene pambuyo pake anadzakhala Papa Inosenti Wachitatu analemba za mitundu inayi imene inkagwiritsidwa ntchito ku Roma: woyera, wofiira, wakuda ndi wobiriwira. Buku la Misa limene Papa Piyo Wachisanu anatulutsa mu 1570 linakhazikitsa mitundu isanu, pepo ataima payekha. Ngakhale zimenezi zasinthapo, pakuti kale Lachisanu Loyera linali la zakuda, ndipo wofiira analowa ndi kusintha kwa mapemphero kumene kunatsatira Msonkhano Wachiwiri wa Vatikani. Mipingo yambiri ya Chipulotesitanti inayamba yazisiya zimenezi, ndipo ina, kuphatikizapo a Methodisiti a ku America, inadzazitolanso m'zaka za m'ma 1900.

Kudziwa mbiri imeneyi kumachotsa mantha awiri. Mlendo saonanso nsalu ngati chinthu chamatsenga, ndipo mwini tchalitchi saonanso mnzake wa mpingo wina ngati wosochera chifukwa chakuti wapachika buluu.

Nkhata ya Adiventi: chizindikiro cha kumpoto pansi pa dzuwa la kuno

Chinthu china chimene makanemawa amafotokoza ndi nkhata ya masamba yokhala ndi makandulo anayi. Kandulo imodzi imayatsidwa Lamulungu loyamba la Adiventi, ziwiri lachiwiri, mpaka zonse zinayi zitayaka. Kawirikawiri zitatu ndi za pepo ndipo imodzi ndi ya pinki, yoyatsidwa Lamulungu lachitatu, koma kwina zonse zinayi ndi za buluu. Matchalitchi ambiri amaika yachisanu yoyera pakati, yoyatsidwa usiku wa Khirisimasi.

Mwambowu umaoneka wakalekale koma si choncho. Unayambitsidwa mu 1839 ndi Johann Hinrich Wichern, mtsogoleri wa Chilutherani amene ankalera ana osauka mumzinda wa Hamburg ku Germany. Pofuna kuthandiza anawo kuwerenga masiku otsala, anatenga gudumu la ngolo n'kuikapo makandulo ang'onoang'ono a masiku a m'kati mwa sabata ndi anayi akuluakulu a Malamulungu. Patapita nthawi ang'onoang'onowo anasiyidwa. Mayina amene lero amapatsidwa kwa makandulowo, monga chiyembekezo, mtendere, chimwemwe ndi chikondi, anabwera pambuyo, ndipo ndondomeko yake imasiyana tchalitchi ndi tchalitchi. Palibe chifukwa chokanganirana kuti kandulo yachiwiri ndi ya chiyani.

Woonera wa kuno ayenera kuzindikira kuti chizindikirochi chinabadwira m'nyengo ina. Ku Germany ndi ku America Disembala ndi mwezi wa chisanu, usiku ndi wautali, mitengo yambiri yayoyola masamba. Kuwala koonjezereka sabata ndi sabata, ndi nthambi za mtengo umene sufota m'chisanu, zimayankhula zokha kumeneko. Kwathu kuno Disembala ndi wa mvula, dzuwa limatuluka msanga, ndipo dziko lonse labiriwira, moti nthambi yaiwisi siidabwitsa aliyense. Ndipotu, monga tayambira muja, masamba ogonekedwa pansi kwa ife amanena za maliro. Chimodzimodzinso nsalu yobiriwira imakhala paguwa kuyambira Juni mpaka Novembala, nthawi imene kunja kuli fumbi, lupsa ndi dzuwa la Okutobala. Zimenezi sizichotsa tanthauzo, koma zikusonyeza kuti wofotokozera mlendo wa kuno sangangobwereza mawu a kanemayo. Ayenera kupeza chimene wa kunoyo akudziwa, monga kudikira kwa mlimi amene wakonza mizere akuyang'ana kumwamba mu Novembala, kudikira kumene Adiventi amafika nako nthawi imodzi.

Kuwerenga kandulo ya Pasaka

Ngati pali chinthu chimodzi chimene chimasonkhanitsa zizindikiro zambiri malo amodzi, ndi kandulo yaikulu ya Pasaka, ndipo munthu angaiwerenge ngati tsamba la buku. Pakati pali mtanda. Pamwamba pa mtandawo pali chilembo chofanana ndi A, ndipo pansi pake pali china chonga chibonga chotsegukira pansi. Zimenezi ndi alefa ndi omega, chilembo choyamba ndi chotsiriza cha Chigiriki, zimene buku la Chivumbulutso limagwiritsa ntchito ponena za Ambuye monga chiyambi ndi chimaliziro. M'ngodya zinayi za mtanda muli manambala a chaka. Pa kandulo ya 2026, 2 ali pamwamba kumanzere, 0 pamwamba kumanja, 2 pansi kumanzere ndipo 6 pansi kumanja. Nthawi zambiri pamabayidwanso timisomali tisanu tokhala ndi lubani, pamwamba, pakati, pansi ndi mbali zonse ziwiri, kuimira mabala asanu a Yesu.

Malo amene kanduloyi yaima nawonso amanena nyengo. Imayatsidwa koyamba usiku wa Pasaka kuchokera ku moto watsopano, n'kukhala kutsogolo ikuyaka pa mapemphero a masiku 50 aja. Pentekoste ikadutsa imasamutsidwira pafupi ndi pobatizira, ndipo imayatsidwa pa ubatizo ndi pa maliro, pamene imaikidwa pafupi ndi bokosi. Choncho munthu akalowa m'tchalitchi n'kuona nsalu yoyera ndi kanduloyi ikuyaka kutsogolo, adziwe kuti ali pakati pa Pasaka ndi Pentekoste. Akaona manambala a chaka chatha mu Febuluwale asadabwe, chifukwa kandulo yatsopano imadikira Pasaka, osati Januwale.

Zilembo zina zimene zimasokoneza ndi IHS. Ambiri amaziyesa chidule cha mawu atatu a Chingerezi, ena amati ndi mawu a Chilatini otanthauza Yesu Mpulumutsi wa anthu. Matanthauzo amenewa anachita kumatidwapo. Chiyambi chake ndi zilembo zitatu zoyambirira za dzina la Yesu m'Chigiriki, ndipo chooneka ngati H chija ndi chilembo cha Chigiriki chomveka ngati e. Momwemonso chizindikiro chooneka ngati X wolowana ndi P ndi zilembo ziwiri zoyambirira za dzina la Khristu, zomveka ngati kh ndi r. Koma INRI ya pamtanda ndi chidule chenicheni cha Chilatini, cha mawu amene Pilato analembetsa onena za Yesu wa ku Nazarete, Mfumu ya Ayuda.

Ngakhale kavalidwe ka sitola kamawerengeka. Ikakolekedwa m'khosi n'kulendewera mbali zonse ziwiri kutsogolo, wovalayo ndi wansembe kapena m'busa wodzozedwa kutsogolera masakramenti. Ikachoka paphewa la kumanzere n'kupingasa pachifuwa mpaka m'chiuno cha kumanja, ameneyo ndi dikoni. Pa ichi Akatolika, a Angilikani ndi a United Methodist amafanana.

Pamene kulakwitsa kumapweteka

Kusokoneza buluu ndi pepo sikuvulaza munthu. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimaoneka zofanana m'maso pamene matanthauzo ake ali kutali, ndipo apa mlendo angakhumudwitse eni ake kapena kuchita manyazi pagulu.

Choyamba ndi nyali yosazima, imene kawirikawiri imakhala m'galasi lofiira. M'matchalitchi a Methodisiti amene ali nayo imangokumbutsa kuti Mulungu alipo nthawi zonse. M'tchalitchi cha Katolika nyaliyo imanena chinthu chenicheni: kuti m'kabokosi kokhoma kotchedwa tabenakulo mwasungidwa Ukaristia, umene Akatolika amakhulupirira kuti ndi thupi la Khristu. N'chifukwa chake amagwada bondo limodzi akamadutsa pamenepo, ndipo n'chifukwa chake Lachisanu Loyera tabenakulo imakhala yotsegula, yopanda kanthu, nyali itazima. Wojambula zithunzi za ukwati amene angatsamire kabokosi kameneka kapena kuikapo chikwama chake walakwa kwambiri, ngakhale sanadziwe.

Chachiwiri ndi gome la Mgonero. A United Methodist amaitana aliyense amene akufuna kutsata Khristu ndi kulapa, posayang'ana mpingo wake, ndipo m'chikho mwawo mumakhala madzi a mphesa osasasa. Mwambo umenewu unalimba pambuyo poti Thomas Welch, Mmethodisiti wa ku America, anapeza mu 1869 njira yotenthetsera madzi a mphesa kuti asasanduke vinyo. Ku Katolika m'chikho muli vinyo weniweni, ndipo olandira ndi Akatolika amene analandira kale Ukaristia woyamba ndipo akonzekera. Mipingo inanso ili ndi malamulo akeake a oyenera kudya Mgonero. Munthu amene waonera kanema wa mpingo wina n'kuganiza kuti gome lililonse ndi lotseguka angaime pamzere pa Misa ya maliro, n'kubwezedwa anthu akuona. Njira yopewera ndi yachidule: kufunsa amene wakuitanayo mapemphero asanayambe, ndipo ngati mpata wofunsa palibe, kukhala pampando mwaulemu.

Mafunso atatu a woonera

Kuchokera pa zonsezi, woonera makanema otere angadzitchinjirize ndi mafunso atatu. Loyamba: akuyankhulayu ndi wa mpingo uti? Yankho limapezeka pa dzina la amene anatulutsa kanemayo kapena pa chizindikiro chake. Cha United Methodist ndi mtanda wakuda wokhala ndi lawi lofiira la nsonga ziwiri, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1968 pamene mipingo iwiri, wa Methodist ndi wa Evangelical United Brethren, inalumikizana. Nsonga ziwirizo zimakumbutsa za mipingo iwiriyo.

Lachiwiri: chimene akunenachi ndi lamulo kapena ndi chizolowezi? Mtundu wa chovala cha wansembe pa Misa ndi lamulo lolembedwa. Mayina a makandulo a Adiventi ndi chizolowezi. Galasi la nyali yosazima kukhala lofiira ndi chizolowezinso, moti likakhala loyera tanthauzo silinasinthe.

Lachitatu: tanthauzoli linabwera ndi chinthucho kapena linachita kudzamatidwa? Makandulo awiri a paguwa amafotokozedwa kawirikawiri kuti amaimira umulungu ndi umunthu wa Khristu. Kufotokoza kumeneku n'kothandiza pophunzitsa, koma makandulo analowa m'tchalitchi kalekale, magetsi kulibe, ndipo ntchito yawo ina inali kuunikira ndi kulemekeza. Tchalitchi chimene chili ndi makandulo anayi kapena asanu ndi imodzi sichikuphunzitsa chiphunzitso china.

Amene akuphunzitsa kalasi la obatizidwa kapena kulandira alendo angatengepo njira ya makanemawa ngakhale popanda foni kapena bandulo. Atenge chinthu chimodzi pa Lamulungu limodzi, achionetse, atchule dzina lake, anene kumene chinachokera, ndipo anene poyera ngati mpingo woyandikana nawo umachita mosiyana. Mphindi zitatu zimakwana. Ndipo mlendo amene adzalowe m'tchalitchi pa 29 Novembala 2026 n'kupeza pepo paguwa ndi kandulo imodzi yokha ikuyaka pa nkhata, asadzaganize kuti machesi anatha: chaka cha mpingo changoyamba kumene, ndipo kwatsala Malamulungu ena atatu kuti Khirisimasi ifike.